Mwana Wokana Chakudya ndi Botolo la Mavitamini

Pa madandaulo onse amene amayi amabwera nawo kusikelo, kapena amene amauzana akakumana pa mjigo, palibe lomveka kawirikawiri kuposa ili lakuti mwana wasiya kudya. Ndipo dandaulo limeneli silikonda kudza pamene mwana ali wakhanda, koma pamene wayamba kuyenda ndi kutchula mawu, ndiye kuti kuyambira pa chaka chimodzi ndi theka mpaka pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mwana amene dzana ankayasama akangoona supuni, lero akufumbata milomo, akutembenuza nkhope, akutola nkhwani m'mbale n'kuuponya pansi. Ndipo mayi, poona kuti apongozi ayamba kumuyang'ana ndi diso lofunsa, amamasula ndalama pa nsonga ya chitenje n'kulunjika kusitolo ya mankhwala, kumene mabotolo a mavitamini okhala ndi zithunzi za ana onenepa andandalikidwa mwa ulemerero. Nkhawa ya mayi wotere ndi ya chikondi, ndipo sitiyenera kuiseka. Koma chimene ndifuna kuonetsa m'mutu uno n'chakuti mwana wokana chakudya amene akukula bwino safunika botololo, pamene mwana amene thupi lake likusowadi kanthu nthawi zambiri amakhala yemwe uja wodya nsima yake mwakachetechete, wosavutitsa munthu aliyense.

Tiyambe ndi kakulidwe ka munthu, pakuti pamenepo m'pamene pagona nkhani. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 amafika pa makilogalamu 9 kapena 10 pokwanitsa chaka chimodzi, kutanthauza kuti m'miyezi khumi ndi iwiri thupi lake lachuluka katatu, chinthu chimene sichidzachitikanso pa moyo wake wonse. M'chaka chachiwiri amangoonjezera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo kuyambira pamenepo mpaka nthawi yoyamba sukulu amaonjezera pafupifupi makilogalamu awiri pa chaka, omwe sakwana n'komwe magalamu 200 pa mwezi. Msinkhu nawo umatero: masentimita pafupifupi 25 m'chaka choyamba, theka lake m'chaka chachiwiri, kenaka 6 mpaka 8 pa chaka. Popeza njala ya mwana imatsata changu cha kakulidwe kake, thupi likachepetsa liwiro njala nayo imachepa. Mafuta a ukhanda amasungunuka, khosi limaoneka, miyendo imatalika, ndipo makolo amene anazolowera masaya otukumuka amayesa kuti mwana wawonda, pamene iye wangosanduka kamnyamata kapena kamtsikana. Tisaiwalenso kuti mimba ya mwana wa zaka ziwiri imalandira chakudya chongokwana kapu imodzi ya mamililita 250 pa nthawi imodzi, kotero kuti mayi amene amamuomolera mtanda wonga wa mkulu wake wa sukulu ya pulaimale adzaona chakudya chikutsala tsiku ndi tsiku, chinkana mwanayo wakhuta.

Pa msinkhu womwewo pamabukanso mantha a chakudya chachilendo, amene amakula kwambiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo amagwera makamaka ndiwo zamasamba zowawira, monga luni ndi chisoso. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mantha amenewa ndi chitetezo chobadwa nacho, pakuti mwana amene wangoyamba kuyenda yekha kuseri kwa nyumba, akanakhala kuti amaika m'kamwa tsamba lililonse ndi chipatso chilichonse, sakanakhala ndi moyo masiku ambiri, popeza zomera zambiri zakupha zimawawa. Pamwamba pa zonsezi, iyi ndiyo nthawi imene mwana amazindikira kuti ali ndi chifuniro chakechake, ndipo m'nyumba imene akulu amalamula za kugona, za kusamba ndi za kuvala, pakamwa ndi pokhapo pamene iye ali mfumu.

Kodi mwana angadziwe yekha muyeso wa chakudya chimene thupi lake lifuna? Funso limeneli linayesedwa kale ndi dokotala wa ana wa ku Amereka, mayi Clara Davis, amene anafalitsa zotsatira zake zoyamba mu 1928 ndi zomaliza mu 1939. Iye anatenga ana 15 ongoletsedwa kumene kuyamwa, nawaikira patsogolo timbale ta zakudya zosiyanasiyana, zoposa mitundu makumi atatu, monga nyama, chiwindi, mazira, mkaka, zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo anamwino analamulidwa kuti asanyengerere mwana kapena kumuletsa, koma kumupatsa chokhacho chimene waloza kapena kugwira. Kadyedwe ka anawo kanali kodabwitsa, moti wina ankakakamira chakudya chimodzi kwa masiku angapo n'kuchisiya mwadzidzidzi. Komabe onse anakula bwino ndi kukhala athanzi. Patapita zaka zambiri, mu 1991, Leann Birch ndi anzake anayeza chakudya chonse chimene ana 15 a zaka ziwiri mpaka zisanu anadya pa masiku asanu ndi limodzi, ndipo anapeza kuti ngakhale kuchuluka kwa chakudya kunkasintha kwambiri pa kudya kulikonse, chiwerengero cha tsiku lathunthu chinkangosuntha pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mwana akadya pang'ono masana ankabwezera madzulo popanda womuuza. Koma pano pali pofunika kusamala, chifukwa anthu ambiri amatchula ntchito ya mayi Davis naiwala theka lake: m'timbale muja munalibe shuga kapena maswiti, ndipo chakudya chilichonse chimene mwana akanasankha chinali chabwino. Nzeru ya mwana imagwira ntchito pakati pa zakudya zabwino zokhazokha; mukamuikira kamba ndi bisiketi pambali pa nyemba, nzeruyo yatha.

Tiyerekeze tsono kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka ka m'tauni, kamene mayi wake akunena molumbira kuti sikadya kanthu. Mlangizi wa zaumoyo wodziwa ntchito yake sayamba ndi kufunsa za chakudya, koma amatsegula buku la kuchipatala pa tsamba la sikelo, ndipo amapeza kuti mwanayo anabadwa ndi makilogalamu 3.2, anali ndi 9 pa chaka chimodzi, 11.5 pa zaka ziwiri, ndipo lero ali ndi 12.6, madontho onse akukwera motsata mzere umodzi, osaphwa ndiponso osatsika. Amazunguliza kalamba koyezera mkono pakati pa phewa ndi chigongono cha kumanzere, n'kupeza masentimita 15, m'chigawo chobiriwira, kutali ndi 12.5 pamene payambira chikasu ndi 11.5 pamene payambira kufiira. Amatsindika chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo sipatsala dzenje. Amatsitsa chikope cha m'munsi ndi kutambasula zikhatho, n'kuona kuti n'zofiirira bwino. Pamene zonsezi zikuchitika, mwanayo wakwera kale pa benchi kawiri ndi kulanda cholembera.

Atatha izi m'pamene amafunsa zimene zalowa m'kamwa mwa mwanayo kuyambira dzulo m'mawa, osati zimene anadya pa mkeka zokha ayi, koma zonse. Ndipo zimatuluka pang'onopang'ono: tiyi wa mkaka ndi shuga m'mawa, ndasi limodzi kwa anansi, paketi ya kamba cha m'ma 11 koloko, chakumwa chotsekemera chimene bambo anabwera nacho, nthochi, kenaka kapu ina ya mkaka asanagone. Mwana amene wadya kamba ola limodzi nsima isanapse sangathe kudya nsima, ndipo kukana kwake pa mkeka si matenda, koma kukhuta. Mlangiziyo akafunsa za mlungu wonse amamvanso kuti mwanayo anadya dzira Lachiwiri, usipa Lachinayi, mapapaya kawiri, ndi phala la nsinjiro m'mawa wina. Ndiye kuti pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsidwa m'dziko muno, zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, iye akukana gulu limodzi lokha, la masamba, ndipo zambiri zimene masamba akanamupatsa akuzipeza m'zipatso. Mwana wotere ayenera kuweruzidwa ndi mlungu wake, osati ndi mbale imodzi.

Mankhwala ake ndi dongosolo la pa nyumba. Katswiri wina wa kadyedwe wa ku Amereka, Ellyn Satter, anagawa udindo motere, ndipo ine ndiona kuti anagawa mwachilungamo: kholo ndilo lisankha chakudya, nthawi yake ndi malo ake, koma mwana ndiye asankha ngati adya ndi kuchuluka kwa chimene adya. Choncho mwana adye katatu pa tsiku, ndi tochepa tiwiri pakati pake monga nthochi kapena mbatata, pa nthawi zodziwika, ndipo pakati pa nthawizo amwe madzi okha. Mkaka wa ng'ombe usapitirire theka la lita pa tsiku. Akhale ndi mbale yakeyake kuti mayi aone chimene chadyedwa, pakuti m'mbale ya onse wamng'ono amapitiriridwa ndi akulu ake. Koma akhale pa mkeka womwewo, chifukwa mwana amalawa chimene waona ena akudya mokondwa. Ndiwo imene akana iikidwe pang'ono pambali, kachidutswa kokha, popanda mawu, ndipo ikatsala ichotsedwe popanda mkwiyo. Ofufuza anapeza kuti mwana angafunike kuona ndi kulawa chakudya chatsopano kakhumi, mwina kufika kakhumi ndi kasanu, asanachilandire, pamene makolo ambiri amagwa mphwayi atayesa katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndipempha ndi mtima wonse kuti chithe pakati pathu ndi mwambo uja wogoneka mwana pa miyendo, kumutsina mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa ndi dzanja iye akulira. Pakuti phala lolowa pamene mwana akukoka mpweya lingapite m'mapapo n'kuyambitsa chibayo kapena kumutsamwitsa, ndipo ngakhale apulumuke, waphunzira kuti chakudya ndi nkhondo.

Nanga botolo la mavitamini likanamuchitira chiyani mwana ameneyu? Pa thupi limene silikusowa kanthu, mavitamini saonjezera njala, msinkhu kapena nzeru. Kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale sikuonjezera madzi a pa nyumba, amangotayikira pansi. Ndipo ndi mmene zilili ndi vitamini C ndi mavitamini ambiri a gulu la B, amene thupi limataya mumkodzo, moti mkodzo wachikasu kwambiri umene amayi ena amati ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito, ndi vitamini B2 amene akutuluka. Koma mavitamini A ndi D sasefukira chomwecho. Amasungika m'chiwindi ndi m'mafuta a thupi, ndipo akachuluka amavulaza.

Komatu sikuti kukana chakudya konse ndi kwa msinkhu, ndipo kholo liyenera kudziwa malire. Mwana amene ankadya bwino n'kusiya mwadzidzidzi, makamaka ngati watentha thupi, wafooka kapena wasiya kusewera, akudwala, ndipo m'dziko lathu choyamba kuganizira ndi malungo, zilonda za m'kamwa, kupweteka kwa khutu kapena kwa pakhosi, ndi njoka za m'mimba. Mzere wa sikelo ukaphwa kwa miyezi iwiri kapena itatu, kapena ukatsika, kumeneko sikulinso kusankha zakudya. Pangakhale chifuwa chachikulu, kachilombo ka Edzi, kutsegula m'mimba kosatha kapena njala yeniyeni ya pa nyumba. Mapazi akatupa onse awiri n'kusiya dzenje potsindika, tsitsi likafiira ndi kupyapyala, mwana akangokhala ndwii wosafuna kanthu, kumeneko ndi kunyentchera koopsa, kumene makolo athu ankakutcha tsempho nafunafuna wolakwa m'banja. Mwana wotere afunika kuchipatala tsiku lomwelo, kumene amapatsidwa chiponde kapena mkaka wapadera, ndipo botolo la m'sitolo lingangochedwetsa ulendo wopulumutsa moyo wake. Palinso ana ochepa amene kukana kwawo n'kwa mtundu wina: amene amatsamwa kapena kukhosomola pomeza, monga ana opuwala ubongo, ndi amene amalandira zakudya zowerengeka pa zala zokha, za maonekedwe amodzimodzi, ndipo chiwerengerocho chikucheperachepera m'malo mokula. Madokotala a matenda a maganizo analemba vuto lomalizali ngati matenda paokha mu 2013. Kwa ana oterewa mavitamini osakaniza ndi oyeneradi, monga chothandizira pamene kadyedwe kakukonzedwa.

Tsopano titembenukire kwa mwana wina uja, wosadandaulidwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo kafukufuku wa michere ya m'thupi amene anachitika pa nthawi yomweyo anapeza kuti ana aang'ono pafupifupi 60 pa 100 anali operewera zinki, ndipo pafupifupi 22 pa 100 anali operewera ayironi. Ana ochuluka chotero sangakhale onse okana chakudya. Ambiri mwa iwo amadya zonse zimene apatsidwa. Koma zimene apatsidwazo ndi phala la madzimadzi la ufa woyera ndi nsima yonyowetsa mumsuzi, pamene nsomba yeniyeniyo yapita m'mbale ya akulu. Chimanga chili ndi ayironi ndi zinki pang'ono, ndipo chilinso ndi chinthu china chimene chimamanga michereyo m'matumbo kuti isalowe m'magazi. Tiyi amachita chimodzimodzi kwa ayironi, pamene vitamini C wa m'magwafa, malambe ndi mandimu amathandiza kuti ayironi alowe, ndipo ayironi wa m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba amalowa mosavuta koposa wa m'zomera.

Tiyerekeze kamnyamata ka chaka chimodzi ndi theka, kolemera makilogalamu 9, kamene agogo ake amakayamikira kuti n'kofatsa ndiponso sikasankha. Kadwala malungo kawiri m'dzinja lapitali, kamatopa msanga, kamakonda kunyambita dothi la pa khoma, ndipo zikhatho zake n'zotuwa poziyerekeza ndi za mayi wake. Kuchipatala amakabaya pa chala napeza kuti mlingo wa magazi ake ndi 8, pamene mwana wathanzi amakhala cha pa 11 kapena kupitirira, ndipo wotsika kuposa 7 ali pangozi. Dokotala sathamangira kulemba mankhwala a magazi. Poyamba amayeza malungo ndi kuwachiza ngati alipo. Amapereka mankhwala a njoka za m'mimba ngati papita miyezi isanu ndi umodzi mwana asanamwe. Amafunsa ngati mwana amagona m'masikito. Ndipo pambuyo pake m'pamene amapereka ayironi, pafupifupi mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kuti pafupifupi 27 pa tsiku kwa mwana ameneyu, kwa miyezi itatu. Chimbudzi chimada, ndipo zimenezo siziopsa. Pakatha mwezi umodzi mlingo uyenera kukhala utakwera ndi 1 kapena kuposapo. Ukapanda kukwera, ndiye kuti mwina mankhwala sakumwedwa, kapena gwero la vuto ndi lina, monga matenda a magazi obadwa nawo, ndipo pafunika kufufuzanso. Mankhwalawa amapitirira ngakhale magazi atabwerera, kuti thupi lisungeko wina wa mtsogolo. Taonani tsono chimene chikanachitika mayi akanangogula mavitamini osakaniza: ambiri a iwo, makamaka aja onga maswiti otafuna, alibe ayironi n'komwe, ndipo amene ali naye ali ndi muyeso wochepa wongotetezera, wosakwana kuchiza. Mwana akanamwa botolo lonse, banja likanakhazika mtima pansi, ndipo magazi akanapitirira kuchepa pa msinkhu umene ubongo ufuna ayironi koposa.

Wina angafunse kuti, ngati ayironi ndi wofunika chotere, bwanji osangopatsa ana onse? Yankho linachokera pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, kumene malungo anali ochuluka chaka chonse. Kumeneko ana pafupifupi 24,000 osakwana zaka zitatu anagawidwa m'magulu, ena napatsidwa ayironi tsiku ndi tsiku, ena ayi. Ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2006 zinaonetsa kuti ana opatsidwa ayironi ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kawirikawiri kuposa anzawo, moti ofufuzawo analeka kupereka ayironiyo nthawi yake isanakwane. Pounika bwino anapeza kuti ana amene anali operewera ayironi anapindula, koma amene anali naye wokwanira kale ndiwo anavulala, ndipo akatswiri amaganiza kuti chifukwa chake n'chakuti tizilombo ta malungo ndi ta matenda ena nato timafuna ayironi kuti tiswane. N'chifukwa chake Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti kumadera a malungo ayironi aperekedwe pamodzi ndi njira zopewera, zoyezera ndi zochizira malungo. Mankhwala amodzimodzi anali dalitso kwa mwana wina ndi tsoka kwa mnzake, ndipo diso la wogulitsa m'sitolo silingathe kusiyanitsa ana awiriwo. Safunsa anadya phula.

Za vitamini A nkhani yake ndi ina, ndipo ndi yokondweretsa. Mu 2001 ana aang'ono oposa theka m'Malawi anali operewera vitamini ameneyu, amene kusowa kwake kumachititsa mwana kusaona madzulo, kenaka khungu, ndi kufa msanga ndi chikuku. Pofika mu 2016 operewera anali atatsika kufika pa ana anayi okha pa 100. Mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amadonthezeredwa m'kamwa kapisozi wa mayuniti 100,000, ndipo kuyambira pa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu amalandira wa mayuniti 200,000 pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Shuga ndi mafuta ophikira a m'mafakitale nazo amazithira vitamini yemweyo, monga mchere amauthira ayodini. Ndipo mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya ndi maungu zili ponseponse pa nyengo yake. Ofufuza amene anaunikanso magazi a ana a m'kafukufuku uja anapeza zizindikiro zakuti ena mwa iwo anali ndi vitamini A wochuluka kuposa woyenera. Choncho mwana wa m'tauni amene amalandira kapisozi, amamwa tiyi wa shuga ndi kudya zokazinga, akamuonjezeranso supuni ya mavitamini osakaniza tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, akulandira chinthu chimodzi kuchokera ku magwero anayi. Ndipo kuchuluka kwake kumadziwika ndi mutu, kusanza, khungu losenda, kupweteka kwa mafupa, kutukumuka kwa liwombo kwa makanda, ndiponso kusowa chilakolako cha chakudya, vuto lomwe lija limene botolo linagulidwira.

Alipo ana amene zoonjezera ndi zowayenera popanda mtsutso, ndipo pa aliyense chosowa chake chili ndi dzina. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosakwana makilogalamu 2.5, sanapeze nthawi yokwanira yotunga ayironi kwa mayi wake, pakuti ayironi wambiri amalowa mwa mwana m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, ndipo achipatala amamulembera madontho ake. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa zinki wa mamiligalamu 20 pa tsiku, kapena 10 ngati sanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi madzi a Thanzi, ndipo ayenera kumaliza masikuwo ngakhale kutsegulako kutaleka. Mwana wa m'banja losadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale mkaka ndi mazira, afunika vitamini B12, amene sapezeka m'zomera. Ndipo kwa ana a miyezi 6 mpaka 23 a m'mabanja amene sangakwanitse kasinthasintha wa zakudya, m'maboma ena mwakhala mukugawidwa timapaketi ta ufa wa michere khumi ndi isanu, totchedwa Ndisakanizeni, njira imene anayambitsa dokotala Stanley Zlotkin wa ku Toronto m'zaka za m'ma 1990. Ufawu umasakanizidwa m'gawo laling'ono la phala lolimba limene lazizira pang'ono, kuti mwana alimalize lonse pasanathe theka la ola. M'phala lotentha kwambiri kapena m'madzi, ayironi amatuluka m'kachikuta kake n'kusintha kakomedwe ndi mtundu wa chakudya, mwana n'kuyamba kukana.

Abale athu amene akulera ana ku Britain adzamva malangizo osiyana ndi awa, ndipo asaganize kuti wina akunama. Kumeneko boma limalangiza kuti ana onse a miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zisanu azipatsidwa madontho a mavitamini A, C ndi D tsiku lililonse, ndi kuti ana oyamwa ayambe vitamini D chibadwire, kupatula amene amamwa mkaka wa m'chitini wopitirira theka la lita pa tsiku, popeza mkakawo uli nawo kale mavitaminiwo. Vitamini D amapangidwa ndi khungu likaombedwa ndi dzuwa, ndipo dzuwa la dziko limenelo kuyambira Okutobala mpaka Malichi n'lofooka kosati n'kupanga kanthu. Khungu lakuda, limene limatchinga mphamvu ya dzuwa, limafuna dzuwa lochuluka koposa, kotero kuti ana a Chiafirika ndiwo ali pangozi yaikulu ya kufewa kwa mafupa, kumene kumaoneka ndi miyendo ya matewe, kutupa kwa mfundo za m'manja ndi kuchedwa kuyenda. Muyeso wake ndi mamaikulogalamu 10 pa tsiku kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi. Mwana wa ku Manchester afunika madonthowo chinkana akudya bwino. Msuweni wake wa ku Salima wosewera pabwalo tsiku lonse sawafuna.

Mabotolo ena olembedwa kuti amabweretsa njala ndi oyenera kuopedwa mwa njira ina, pakuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amabweretsadi njala nthawi zambiri sachita zimenezi ndi mavitamini ake, koma ndi mankhwala otchedwa saipuroheputadini, amene anapangidwira ziwengo ndi kuyabwa kwa thupi, ndipo njala ndi tulo ndi zotsatira zake za pambali. Mwana wowamwa amadya ndi kugona, mayi n'kukondwa. Koma ngati gwero la kukana chakudya linali chifuwa chachikulu kapena kuchepa kwa magazi, matendawo akukula mobisika, ndipo mankhwalawo akachuluka amasokoneza mutu wa mwana, kuthamangitsa mtima ndi kuyambitsa kukomoka. Madokotala amawagwiritsa ntchito kwa ana ochepa osankhidwa, pa muyeso wowerengedwa, osati kwa osakwana zaka ziwiri.

Ngozi yoopsa koposa zonse ili m'nyumba zambiri kale, m'kapepala ka mapiritsi owonjezera magazi amene mayi woyembekezera amalandira kusikelo. Piritsi limodzi lili ndi ayironi wa mamiligalamu 60. Ndipo popeza mamiligalamu 20 pa kilogalamu ya thupi amayamba kudwalitsa, ndipo 60 pa kilogalamu angathe kupha, mwana wa makilogalamu 10 amadwala ndi mapiritsi atatu kapena anayi, ndipo mapiritsi khumi angamuchotse moyo. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti mavitamini ndi maswiti, akapeza mapiritsi osalala oterowo pansi pa pilo, sadzaona kusiyana kwake. Poizoni wa ayironi ali ndi chinyengo chimene kholo lililonse liyenera kuchidziwa: m'maola asanu ndi limodzi oyamba mwana amasanza ndi kutsegula m'mimba, mwina ndi magazi, kenaka amaoneka ngati wachira kwa maola angapo, mwina mpaka tsiku lathunthu, pamene ayironiyo akulowa m'magazi ndi kuononga chiwindi. Mwana amene wameza mapiritsi amenewa atengedwe kuchipatala nthawi yomweyo, osamusanzitsa ndiponso osadikira kuona mmene agonere, ndipo kapepala ka mapiritsiko kapite nawo, kuti achipatala awerenge amene atsala ndi kudziwa amene amezedwa.